Anatumiza $500, mu akaunti mwalowa K814,160: zinazo zapita kuti?

Dandaulo ili silikutha m'magulu a pa WhatsApp ndi pa Facebook. Wina wagwira ganyu ya pa intaneti, wajambulira kasitomala wa ku America logo kapena wamukonzera vidiyo, ndipo walipidwa madola. Wina watumiziridwa fizi ndi achemwali ake a ku UK. Onse anawerengera kale pa foni kuti alandira zingati, mwinanso bajeti anapanga kale. Meseji ya kubanki itafika, ndalama zake n'zoperewera. Ena ndiye meseji siifika n'komwe, patatha sabata ziwiri wotumiza uja n'kumaimba kuti ndalama zabwerera kwa iye, komanso zabwerera zodukaduka.

Mawu oyamba amene amatuluka ndi akuti "abanki andibera". Kulakwitsa kumachitika ndithu, ndipo kumapeto kwa nkhaniyi tikuuzani kokadandaula. Koma nthawi zambiri ndalama zimene mukuti zasowazo zimakhala kuti zadulidwa pa malo atatu odziwika bwino, ndipo mukhoza kuwerengera nokha mpaka tambala yomaliza. Tiyeni tiyende nayo dola ija kuchoka kwa wotumiza mpaka kufika mu akaunti mwanu.

Akaunti ya kwacha sisunga madola

Poyambira ndi apa. Akaunti wamba imene munatsegula ku National Bank, Standard Bank, NBS, FDH kaya First Capital ndi ya makwacha. Ili ngati chigubu cha mafuta a petulo: simungathiremo dizilo. Munthu akatumiza madola ku nambala ya akaunti imeneyo, madolawo salowa mu akaunti mwanu. Amafikira m'manja mwa banki, bankiyo n'kuwagula kwa inu, n'kukuikirani makwacha.

Ndiye kuti ngakhale simunapite kukaima pa kauntala, pachitika malonda. Inu ndinu wogulitsa, banki ndi wogula. Ndipo monga zimakhalira pa msika uliwonse, mtengo umene venda amagulira tomato kwa mlimi si umene amagulitsira pa benchi. Banki nayo ili ndi mitengo iwiri. Pa bolodi la mu nthambi kapena pa webusaiti yawo mupeza mzere wolembedwa Buying ndi wina wolembedwa Selling. Woyambawo ndi mtengo umene banki imagulira dola kwa inu, ndipo ndi wotsikirapo. Wachiwiriwo ndi umene imagulitsira dola kwa munthu amene akufuna kulipira zinthu kunja. Mukamalandira ndalama, wanu ndi woyambawo.

Mabanki ena amagawanso pawiri: pali reti ya ndalama za m'manja, ndi reti ya ndalama zoyenda pa waya, imene amailemba kuti TT. Ndalama zotumizidwa kuchokera kubanki yakunja sizikhudzana ndi reti ya kashi, ngakhale itaoneka yokoma bwanji. Poyang'ana ndi pamene palembedwa TT Buying.

Dola imodzi, mitengo inayi

Chimene chimasokoneza kwambiri kuno kwathu n'chakuti dola imodzi yomweyo ili ndi mitengo ingapo nthawi imodzi. Kuyambira mu Malichi 2024 mpaka mu 2025, mtengo wovomerezeka unaima malo amodzi: mabanki ankagulitsa dola pa K1,751, mtengo wapakati unali pafupifupi K1,734, ndipo wogulira unali cha m'ma K1,717.

Mukalemba "500 USD to MWK" pa Google, chimene chimabwera ndi mtengo wapakati uja. Umenewu ndi wongoyerekezera, wa pakatikati pa wogulira ndi wogulitsira. Palibe banki imene ingakugulireni dola pa mtengo umenewo. Mukamva pa wailesi kuti "dola ili pa K1,751", akunena mtengo wogulitsira, womwenso si wanu.

Mtengo wachinayi ndi wa mumsewu. Chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, mu 2025 mavenda a foreksi ankagula ndi kugulitsa dola pa mtengo wodutsa K4,000, kuposa kawiri mtengo wa kubanki. Apa ndiye pamene mtima umawawira zenizeni. Mitengo ya mafoni, zovala ndi zipangizo za galimoto m'tauni imatsatira reti ya mumsewu, pomwe ndalama zanu zikadzera kubanki zimasinthidwa pa reti ya boma. Kudandaula kumeneko n'komveka. Koma wa pa kauntala alibe mphamvu yokupatsani reti ya mumsewu. Mabanki amayendera malire a banki yaikulu ya Reserve, ndipo kusinthitsa ndalama zakunja kwa munthu wopanda chilolezo ndi mlandu. Mukamapanga bajeti ya ndalama zobwera pa akaunti, reti ya mumsewu ichotseni m'mutu.

Tiwerengere limodzi $500 ija

Tiyerekeze kuti mtsikana wina wa ku Zingwangwa amajambula zithunzi pa kompyuta, ndipo kasitomala wake wa ku America wamutumizira $500 kudzera kubanki. Iye wayang'ana pa Google, wachulukitsa 500 ndi 1,734, wapeza K867,000. Patatha masiku anayi meseji ikubwera: K814,160. Pasowa K52,840. Mareti tikugwiritsa ntchitowa ndi a nthawi tatchula ija, pomwe ndalama zodulidwazo tangoika zachitsanzo, chifukwa banki iliyonse ili ndi mitengo yake.

Kudula koyamba kunachitika ndalama zisanafike n'komwe ku Malawi. Banki yaing'ono ya ku America imene kasitomala uja amasungako ndalama ilibe ubale wachindunji ndi banki ya kuno. Mabanki athu amasunga madola awo m'maakaunti amene anatsegula ku mabanki akuluakulu akunja, makamaka a ku New York. Ndiye ndalama zimadzera kumeneko kaye, nthawi zina m'mabanki awiri, ndipo aliyense wogwirapo amatapapo yake. Zili ngati katundu wochokera ku Joni amene wasinthidwa basi pa Harare: wonyamula aliyense amafuna yake. Tinene kuti banki yapakatiyo inatapa $20. Kuno kwafika $480.

Kudula kwachiwiri ndi kwa reti. Banki ya mtsikanayu yagula $480 ija pa K1,717, zomwe zikupereka K824,160.

Kudula kwachitatu ndi komishoni imene banki ya kuno imalipiritsa polandira ndalama zakunja. Tinene kuti ndi K10,000. Zotsala ndi K814,160, zimene zili mu meseji muja.

Tsopano onani mmene K52,840 ija yagawikira. $20 imene inatsala m'njira ndi K34,340. Kusiyana kwa reti ya pa Google ndi reti yogulira, komwe ndi K17 pa dola iliyonse, kwadya K8,500 yokha. Komishoni yatenga K10,000. Anthu ambiri amathamangira kunena kuti "andipatsa reti yoipa", chifukwa akagawa K814,160 ndi 500 amapeza K1,628 pa dola. Koma reti ndi imene yadya pang'ono pa zonsezi. Chadya kwambiri ndi banki yapakati ija, imene mtsikanayu sanaimvepo n'komwe dzina lake.

Pali phunziro lina pamenepa. Banki yapakati kawirikawiri imatapa ndalama yofanana kaya mwatumiza zambiri kaya zochepa. Pa $500, $20 ndi 4 pa 100 iliyonse. Pa $100, $20 yomweyo ndi 20 pa 100 iliyonse. Nde ngati kasitomala amakulipirani $100 sabata iliyonse kudzera kubanki, ndi bwino kugwirizana kuti azisonkhanitsa n'kutumiza kamodzi pa mwezi.

Zilembo zitatu zimene wotumiza amasankha

Kodi $20 ija ikanapeweka? Nthawi zambiri inde. Potumiza ndalama pa njira ya SWIFT, yomwe ndi imene mabanki a padziko lonse amatumizirana mauthenga a ndalama, wotumiza amafunsidwa kuti alipire ndani zolipira za m'njira. Mayankho alipo atatu, ndipo pa fomu amaoneka chonchi: OUR, SHA ndi BEN.

Akasankha OUR, wotumiza wavomera kulipira zonse, ndipo ndalama zimayenera kufika kubanki yanu zathunthu. Akasankha SHA, iye walipira za banki yake yokha, za m'njira zimadulidwa pa ndalama zanu. Akasankha BEN, zonse, ngakhale za banki yake yomwe, zimadulidwa kwa inu. Mafomu ambiri amakhala atasankhiratu SHA, ndipo wotumiza amangodina osadziwa kuti wakupwetekani.

Ndiye ngati mukugwira ntchito ndi anthu akunja, nkhani iyi ikambiranidwe ntchito isanayambe. Lembani pa invoisi kuti zolipira zonse zotumizira ndi za kasitomala ndipo asankhe OUR. Dziwani kuti kwa iye zikwera mtengo pang'ono, komanso komishoni ya banki yanu ya kuno ikhoza kudulidwabe. Akakana, onjezani ndalama ya m'njirayo pa mtengo wa ntchito yanu.

Reti ndi ya tsiku lolowa, osati tsiku lotumiza

Ndalama za pa SWIFT zimatenga tsiku limodzi mpaka asanu a ntchito. Loweruka ndi Lamlungu sawerengera, ndipo holide ya kumene ndalama zikudzera nayonso imaimitsa zinthu. Madola otumizidwa pa 3 Julayi akhoza kugona pa 4 Julayi chifukwa ku America ndi holide, n'kudzagonanso pa 6 Julayi chifukwa cha ufulu wathu.

Reti imene imagwira ntchito ndi ya tsiku limene banki yanu yasintha ndalamazo n'kuziika mu akaunti. Kwacha ikakhala yokhazikika simuona kusiyana. Koma kumbukirani za mu Novembala 2023, pamene banki ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tangoganizani anthu awiri amene anatumiziridwa $500 sabata imodzi yomweyo. Amene zake zinalowa chilengezo chisanachitike analandira cha m'ma K590,000. Amene zake zinachedwa ndi masiku awiri analandira cha m'ma K850,000. Palibe amene anabedwa, palibenso amene anakonderedwa. Linali tsiku chabe.

Pa mapaundi, mayuro ndi marandi, reti imasuntha tsiku lililonse ngakhale dola itaima, chifukwa ndalama zimenezi zimakwera ndi kutsika polimbana ndi dola pa misika yakunja. Sikirinishoti ya reti ya Lolemba siingakuthandizeni pa ndalama zolowa Lachinayi.

Pamene ndalama zasinthidwa kawiri

Palinso msampha wina umene umagwira kwambiri amene ali ndi abale ku Joni, ku Canada, ku Dubai kapena ku Australia. Banki yanu imatha kulandira mwachindunji ndalama za mayiko okhawo amene ili ndi akaunti ya ndalama zawo. Madola a ku America, mapaundi, mayuro ndi marandi ndi amene mabanki a kuno amagwira kawirikawiri. Ndalama zina zimayamba zasinthidwa kukhala madola kunja komweko, kenako madolawo n'kusinthidwanso kukhala makwacha kuno. Kusintha kulikonse kuli ndi phindu la wosinthayo.

Ngakhale marandi amene banki yanu ikanatha kulandira, wotumiza akhoza kusankha molakwika pa apu yake kuti apite ngati madola. Tiyerekeze achimwene anu atumiza R5,000 tsiku limene dola ili pa R18.00, koma banki yawo yawagulitsa dola pa R18.50. M'malo mwa $277.78 panyamuka $270.27. Madola asanu ndi awiri ndi theka atha ulendo usanayambe, ndipo kudula kutatu kuja kukudikirabe kutsogolo.

Njira yodzitetezera ndi kupita kubanki yanu, kapena kuwalembera imelo, n'kupempha malangizo olandirira ndalama zakunja a mtundu wa ndalama umene mukuyembekezera. Amakupatsani pepala lokhala ndi nambala ya SWIFT ya bankiyo komanso dzina la banki yapakati imene amagwiritsa ntchito pa madola, ina pa mapaundi, ina pa marandi. Limenelo ndiye mutumize kwa wotumiza, lonse mmene lilili.

Nanga za Mukuru ndi anzake?

Ndalama zobwera kudzera ku Mukuru, WorldRemit, Western Union kaya Mama Money, kulowa mu akaunti ya kubanki kapena pa Airtel Money ndi Mpamba, zimayenda mosiyana. Kumeneko kusintha kumachitika kwa wotumiza. Asanadine batani lomaliza, apu imamuonetsa reti ya kampaniyo, ndalama yotumizira, ndi makwacha enieni amene inu mulandire. Reti imeneyo ndi ya kampaniyo, si ya banki yanu, ndipo makampaniwa amasiyana mareti tsiku lomwelo.

Ndiye mukaona kuti zalowa zochepa, musathamangire kukakalipira ejenti wa pa kona. Pemphani wotumiza akuonetseni risiti yake pamene palembedwa ndalama zimene wolandira alandire. Zikafanana ndi zimene zalowa, nkhani yatha, ndipo chotsala n'chakuti ulendo wina ayerekeze makampani awiri atatu asanatumize. Poyerekeza, asayang'ane mawu akuti "kutumiza kwaulere", chifukwa phindu likhoza kubisika mu reti. Ayang'ane nambala imodzi yokha: makwacha angati afike kwa inu pa ndalama zimene iye watulutsa.

Ndalama zikakanidwa

Choyamba siyanitsani zinthu ziwiri: ndalama zoimitsidwa ndi ndalama zobwezedwa. Zoimitsidwa zili kubanki yanu, zikudikira yankho lanu. Zobwezedwa zanyamuka kale ulendo wobwerera. Zambiri zimene zimabwezedwa zimayamba zaimitsidwa, ndipo zimabwerera chifukwa mwiniwake sanayankhe msanga.

Chifukwa chofala kwambiri ndi dzina. Ife timadziwika ndi mayina ambiri: la pa Facebook, la kusukulu, la kubanja, la bizinesi. Kasitomala amalemba dzina limene amakudziwani nalo, pomwe akaunti ili m'dzina la pa chiphaso cha unzika. Mayi amene anasintha dzina atakwatiwa koma osakasintha kubanki amakumana nazo zomwezi. Wina amalemba dzina la bizinesi yake pa invoisi pomwe akaunti ndi ya iye mwini. Banki ikaona dzina ndi nambala zikusemphana, siingoganizira kuti ndinu nomwe, imaimitsa.

Chachiwiri ndi nambala. Mabanki a ku Ulaya amakonda kufunsa nambala yotchedwa IBAN, koma Malawi sagwiritsa ntchito IBAN. Chofunika ndi nambala ya akaunti yanu yonse ndi nambala ya SWIFT ya banki yanu. Ya National Bank ndi NBMAMWMW, ya Standard Bank ya kuno ndi SBICMWMX. Taonani chilembo chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi: MW, kutanthauza Malawi. Izi n'zofunika kwambiri pa mabanki amene ali m'mayiko angapo. Munthu wa ku Joni akangofufuza "Standard Bank" n'kutenga nambala yoyamba kubwera, akhoza kutenga yokhala ndi ZA pamalo pa MW, ndalama n'kumakafuna akaunti yanu ku South Africa.

Chachitatu ndi akaunti yeniyeniyo. Akaunti imene yakhala miyezi yambiri osaigwiritsa ntchito imagonekedwa. Chiphaso chanu cha unzika chikatha ntchito ndipo simunakapereke chatsopano, banki ikhoza kumanga akaunti. Maakaunti ena otsegula mwachangu pa foni, komanso Airtel Money ndi Mpamba, ali ndi malire a ndalama zimene angasunge. Ndalama zobwera zikadutsa malirewo, sizilowa theka, zimakanidwa zonse.

Chachinayi ndi funso lakuti "ndalamazi ndi za chiyani?" Lamulo lothana ndi milandu ya zachuma la Financial Crimes Act la 2017 limakakamiza mabanki kudziwa kumene ndalama zikuchokera, ndipo zokayikitsa amazinena ku bungwe la Financial Intelligence Authority. Mwana wa sukulu amene akaunti yake imalowa K50,000 pa mwezi akangolandira $3,000 mwadzidzidzi, foni iitana basi. Si kuti akukutengani ngati wakuba. Akufuna invoisi, kontirakiti, kalata ya sukolashipu, kapena mawu osonyeza ubale wanu ndi wotumiza. Mukapereka, ndalama zimalowa. Vuto ndi lakuti ambiri nambala imene analembetsa kubanki anaitaya kalekale, imelo satsegula, ndiye banki imafuna munthu osamupeza mpaka kubweza ndalama.

Ndipo kubwezako kumaluma. Mabanki a m'njira amatapanso pobwerera, ndipo zimene anatapa popita sabweza. Ngati wotumiza anayamba ndi mapaundi amene anasinthidwa kukhala madola, pobwerera asinthidwanso kukhala mapaundi pa reti ina yomuluza. Pa chitsanzo chathu chija, $500 imene inafika kuno ili $480 ikhoza kukafika kwawo ili $460 kapena kucheperapo, inu musanaone ngakhale tambala. Potumizanso kachiwiri, kudula kuyambiranso.

N'chifukwa chake kukonza kumaposa kubweza. Ngati vuto ndi dzina kapena nambala, wotumiza apite kubanki yake akapemphe kuti atumize uthenga wokonza. Banki yanu siingasinthe yokha zimene zinalembedwa ndi banki yotumiza, ngakhale mutalira bwanji pa kauntala. Inu mbali yanu ndi kuwadziwitsa a kubanki yanu, molemba, kuti uthenga wokonza ukubwera, asabweze kaye.

Mapepala awiri amene amathetsa mkangano

Sikirinishoti ya apu yolembedwa kuti ndalama zatumizidwa si umboni wokwanira kubanki. Pepala loyamba lofunika ndi kope la uthenga wa SWIFT, limene ambiri amalitchula kuti MT103. Wotumiza ndi amene amalipempha kubanki yake. Pamenepo pamaoneka ndalama zimene zinanyamuka, mtundu wake, dzina ndi nambala zimene analemba, komanso ngati anasankha OUR, SHA kapena BEN. Pamakhalanso nambala yaitali yotchedwa UETR, imene banki iliyonse ya m'njira ingagwiritse ntchito kuona pamene ndalama zaima.

Lachiwiri mumalipempha kubanki yanu: pepala losonyeza mmene anasinthira ndalamazo. Funsani zinthu zinayi. Kunafika madola angati? Anasintha tsiku liti? Pa reti yanji? Anadula komishoni yochuluka bwanji? Mukaika mapepala awiriwa pamodzi, chilichonse chimaonekera. Ngati kunanyamuka $500 koma kunafika $480, nkhani ili kwa banki yapakati. Ngati kunafika $500 yonse koma reti ili pansi pa TT Buying ya tsiku limenelo, pamenepo ndiye muli ndi mlandu weniweni ndi banki yanu.

Zikatero lembani kalata yodandaula kubankiyo, osangolankhula pakamwa, ndipo sungani kope lodindidwa kapena nambala ya dandaulo. Akalephera kukuthandizani, pitani nayo ku ofesi ya Registrar of Financial Institutions ku banki ya Reserve, yomwe imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki. Kulemba pa Facebook kumathandiza kutulutsa mkwiyo, koma musaike poyera sitetimenti yoonetsa nambala ya akaunti yanu.

Chenjezo limodzi: munthu akakuimbirani kuti ndalama zanu zakunja zagwidwa ndipo mutumize kaye ya "kumasulira" pa Airtel Money kapena Mpamba, ameneyo ndi wakuba. Banki imadula zake pa ndalama zomwezo kapena mu akaunti mwanu. Dulani foni, muimbe nokha pa nambala ya banki imene ili kuseri kwa khadi lanu.

Kodi akaunti ya madola ndiye yankho?

Mabanki a kuno ali ndi akaunti yosunga ndalama zakunja, imene amaitchula mwachidule kuti FCDA. Madola akalowa mmenemo amakhalabe madola mpaka inu mutasankha tsiku lowasintha. Kwa munthu amene amalandira ndalama zakunja pafupipafupi, ndipo amafunikanso kulipira zinthu kunja monga fizi kapena mapulogalamu a pa kompyuta, imathandiza. Popanda iyo, mumagulitsa dola kubanki pa mtengo wotsika, n'kudzaifunanso mawa pa mtengo wokwera, komanso kudikira pamzere wa foreksi imene ikusowayi.

Koma ili ndi malire ake. Potsegula, banki imafuna umboni wakuti mumalandiradi ndalama zakunja, ndipo akauntiyo ili ndi zolipira zake. Kwa ogulitsa katundu kunja, banki ya Reserve imalamula kuti gawo lina la ndalama zobwera lisinthidwe kukhala makwacha, ndipo kukula kwa gawolo kwakhala kukusintha, ndiye funsani lamulo limene likugwira ntchito pa mtundu wa ndalama zanu musanasainire. Musaganizenso kuti muzingotapa madola a m'manja n'kumapita nawo mumsewu: kutapa kashi yakunja kumafuna zifukwa ndi mapepala, monga a ulendo. Ndipo tsiku limene mwasankha kusintha, reti yake ndi ya kubanki yomwe ija, ngakhale pa ndalama zochuluka mukhoza kupempha kuti akuwonjezereniko pang'ono.

Ngati muli ndi maakaunti onse awiri, samalani nambala imene mukupereka. Madola akalowera ku akaunti ya kwacha n'kusinthidwa, kuwabwezeretsa n'kovuta, chifukwa kumakhala ngati mukugulanso foreksi mwatsopano.

Ndiye ulendo wina munthu akati "nditumizire ma ditelo", musangokopera nambala ya akaunti n'kuponya. Tumizani dzina lanu lonse monga lilili pa sitetimenti, nambala ya akaunti, nambala ya SWIFT ndi banki yapakati ya mtundu wa ndalama umenewo, muwauze asankhe OUR ndipo alembe chifukwa chotumizira. Onetsetsani kuti nambala ya foni imene ili kubanki ndi imene ili m'thumba mwanu. Kenako powerengera zimene mulandire, chotsani za m'njira, chulukitsani ndi TT Buying, chotsani komishoni. Bajeti muipange pa nambala imeneyo.